Kodi mwana asiye piyano n'kuyamba vayolini? Yankho kwa mayi a ku Mowatize

"Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9 ndipo waphunzira piyano kwa zaka ziwiri, kunyumba tili ndi kiyibodi ya makiyi 61. Chionereni mtsikana wina akuimba vayolini pa ukwati, akungonditopetsa kuti asinthe, ndipo kiyibodi ija sakuikhudzanso pokhapokha nditamukalipira. Kodi ndimulole, kapena zaka ziwirizi zilowa m'madzi? Ndine mayi wa ku Mowatize."

Zikomo Mayi chifukwa cha kalata yanu. Maganizo anga ndi akuti musamukanize, komanso musathamangire kugula vayolini kapena kumuchotsa m'kalasi ya piyano mwezi uno. Mupatseni masabata 12 oti ailawe vayolini yobwereka, piyano ikupitirira pang'onopang'ono, ndipo chigamulo chidzachokere pa zimene mudzaone ndi maso anu m'masabatawo.

Choyamba chimene ndikadafuna kudziwa ndi pamene mwanayo wafika m'buku lake la piyano, chifukwa zaka ziwiri ndi nthawi imene ana ambiri amagwa ulesi pa chifukwa chimodzi chodziwika. M'chaka choyamba dzanja lamanja limaimba nyimbo pamene lamanzere limangoponya noti imodzi apa ndi apo, koma m'chaka chachiwiri manja onse amayamba kuyenda njira zosiyana nthawi imodzi, ndipo mwana amayenera kuwerenga mizere iwiri ya manoti, wapamwamba wa chizindikiro cha so ndi wapansi wa chizindikiro cha fa. Mwana amene ankamaliza nyimbo sabata iliyonse amapezeka kuti watha mwezi wathunthu pa tsamba limodzi. Akaona vayolini pa nthawi yotereyi, amaona chida cha mzere umodzi wa manoti, chopepuka, choimbidwa choimirira pamaso pa anthu, ndipo amaganiza kuti kumeneko kulibe chitunda. Njira yodziwira ndi yapafupi. Mupempheni madzulo ano kuti akuimbireni nyimbo yakale imene anaidziwa bwino chaka chatha. Akaiimba mokondwa mpaka kuwonjezera ina musanamupemphe, ndiye kuti piyano sanadane nayo, chamutopetsa ndi tsamba limene wakakamirapo, ndipo mankhwala ake ndi kukambirana ndi mphunzitsi wake kuti abwerere pa nyimbo zofewerapo kwa kanthawi. Koma akaiimba mothamanga kuti athane nazo, kwinaku tsiku lonse amang'ung'udza nyimbo ija anaimva ku ukwati, pamenepo chikhumbo chake n'choyenera kuchilemekeza.

Za nkhawa yanu ija, zaka ziwirizo sizitayika. Vayolini imalembedwa pa chizindikiro cha so, chomwecho chimene dzanja lake lamanja lakhala likuwerenga, choncho tsiku loyamba adzakhala akudziwa kale maina a manoti, kutalika kwake ndi kuwerenga kugunda kwa nyimbo, zinthu zimene anzake oyamba kumene amalimbana nazo miyezi ingapo. Pali kanthu kamodzi kokha kamene kamawasokoneza pa masabata oyamba: pa piyano chala chachikulu ndi nambala 1 ndipo zala zimafika pa 5, pamene pa vayolini chala chachikulu sichiwerengedwa, nambala 1 ndi chala cholozera ndipo zimathera pa 4. Zimenezi zimatha zokha.

Chimene sadzapita nacho ndi chinthu chachikulu kwambiri, ndipo ndikufuna ndichedwepo. Pa piyano mawu anakonzedwa kale ndi amene anapanga chidacho. Mwana akadina kiyi ya la, imalira la yeniyeni, kaya khutu lake lamva kapena ayi. Pa vayolini mulibe makiyi, ndiponso pa khosi pake palibe timizere tachitsulo tija timaona pa gitala. Ili ndi nsambo zinayi zokha, so, re, la ndi mi, ndipo manoti ena onse mwana amawapanga yekha poika chala pa malo oyenera pa nsambo. Pa vayolini yaing'ono ya msinkhu wake, manoti awiri oyandikana kwambiri atalikirana pafupifupi sentimita imodzi ndi theka kapena kucheperapo, ndipo chala chikaphonya ndi mamilimita awiri okha, khutu lozolowera limamva kuti noti yapotoka. Amene munamvapo agogo akuimba kaligo kumudzi mukudziwa zimene ndikunena, chifukwa kaligo nayenso ndi nsambo ndi uta basi, ndipo mawu ake amakhala m'khutu ndi m'chala cha woimbayo. Kuwonjezera apo, dzanja lamanja liyenera kuphunzira kukoka uta mowongoka pakati pa kamlatho konyamula nsambo ndi thabwa lakuda la zala, mosapanikiza kwambiri. Akapanikiza, vayolini imalira ngati chitseko cha dzimbiri. Akapeputsa mopitirira, imangochita mluzu. Mwana amene pa kiyibodi amaimba nyimbo yathunthu ndi manja awiri adzapezeka kuti kwa masabata angapo akungokoka uta pa nsambo zosadinidwa, ndipo kubwerera m'mbuyo kumeneku ndiko kumagwetsa mphwayi ana ochokera ku piyano kuposa ana oyamba kumene, chifukwa iwo amadziwa kale mmene nyimbo yabwino imamvekera.

Mungathe kuyesa khutu lake kunyumba ndi kiyibodi yanu yomweyo. Mwanayo atembenuke akupatseni msana, inu mudine kiyi imodzi yapakati, iye aimbe liwu lomwelo ndi pakamwa. Kenaka dinani makiyi awiri oyandikana, imodzi pambuyo pa inzake, anene imene ili pamwamba. Chitani zimenezi kakhumi. Akamalondola pafupifupi nthawi zonse, ali ndi poyambira pabwino. Akamaphonya kawirikawiri sindikunena kuti vayolini yamukana, chifukwa khutu limaphunzitsika, koma dziwani kuti ulendo wake udzakhala wautali ndipo adzafunika kuimba kwambiri ndi pakamwa, mwina m'kwaya ya ana ku tchalitchi.

Ndinali ndi mnyamata wina wa zaka 10 amene anabwera ndi nkhani yonga yanuyi. Sabata yoyamba tinangophunzira kaimidwe ndi kugwira chidacho pakati pa phewa ndi chibwano, akudola nsambo ndi chala popanda uta. Sabata yachiwiri ndi yachitatu tinatenga uta, ndipo ndinamuuza kuti aziima pa galasi kunyumba kuti aziona ngati utawo ukuyenda mowongoka. Pofika sabata yachisanu ndinamata timapepala titatu pa thabwa la zala posonyeza malo a chala choyamba, chachiwiri ndi chachitatu, ndipo anayamba kukwera re, mi, fa yokwezedwa, so pa nsambo ya re. Chimene chinandiuza kuti wasankha bwino sichinali kukoma kwa mawu, chifukwa anali akadali okhakhala. Tsiku lina, m'sabata yachisanu ndi chitatu, anaimba noti yotsika pang'ono, anachita tsinya, n'kusuntha chala yekha ndisanatsegule pakamwa. Mwana amene wayamba kudzikonza yekha choncho ndiye kuti khutu layamba kulamulira dzanja. Mlongo wake, amene anayesa naye limodzi, ankaika zala pa timapepala molondola koma osamvetsera n'komwe, ndipo patatha miyezi iwiri anapempha yekha kubwerera ku piyano, kumene akuchita bwino mpaka lero.

M'masabata 12 amenewo, mwana wanu azigwira vayolini mphindi 15 tsiku lililonse ndi kiyibodi mphindi 10, ndipo inu muzilemba pa kalendala masiku amene watsegula bokosi la vayolini popanda kumukumbutsa. Mphindi 15 tsiku ndi tsiku zimaposa maola awiri a Loweruka lokha, chifukwa khosi, phewa ndi nsonga za zala zimafunika kuzolowera pang'onopang'ono. Koma pali lamulo limodzi limene sindisinthapo: vayolini imafuna mphunzitsi woti azimuona maso ndi maso sabata iliyonse. Pa kiyibodi mwana akhoza kuphonya makalasi awiri n'kumapitirizabe yekha, pamene pa vayolini mkono wopindika kapena phewa lokwezeka zikakhazikika kwa mwezi umodzi zimatenga miyezi yambiri kuti ziwongoledwe. Ngati kukwera shapa kuchoka ku Mowatize kuwoloka Zambezi sabata ndi sabata kudzakhala kovuta pa thumba kapena pa nthawi, ndi bwino kuvomereza zimenezo tsopano kusiyana ndi kumusiya mwana kuti aziphunzira pa mavidiyo a pa foni.

Ndanena kuti mubwereke chifukwa vayolini ili ngati nsapato, imayendera msinkhu. Zilipo za 1/4, 1/2, 3/4 ndi yaikulu ya 4/4, ndipo mwana wa zaka 9 nthawi zambiri amakwana pa 1/2 kapena 3/4. Poyesa, timaika chidacho pa phewa, mwana n'kutambasula dzanja lamanzere. Chikhatho chake chiyenera kukuta mutu wopiringizika wa vayoliniyo chigongono chili chopindikako pang'ono. Makolo ambiri amagula yaikulu poti adzakuliramo, monga timachitira ndi yunifolomu ya sukulu, koma zotsatira zake ndi kupweteka kwa phewa ndi chala chachinayi chosafika pa malo ake.

Musaiwalenso nyengo yathu ya kuno. Vayolini inalumikizidwa ndi guluu amene amafewa ndi kutentha, ndipo mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kuno kumadutsa madigiri 40, chida chosiyidwa m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi malata chikhoza kumatuka m'mbali. M'chilimwe zikhomo zomangira nsambo zimauma n'kumaterereka, pamene m'dzinja zimafufuma n'kulimba, moti amene amapita nacho kumudzi ku Angoniya kozizira kuja amapeza kuti nsambo zonse zasokonekera pofika. Kamlatho kamene kamanyamula nsambo sikomatidwa, kamangogwidwa ndi kukokana kwa nsambozo, choncho musalole aliyense kumasula zinayi zonse nthawi imodzi, chifukwa kamtengo kena kamene kaimirira m'kati kakhoza kugwa, ndipo kukaimikanso kumafuna mmisiri wodziwa. Uta umamasulidwa mwana akamaliza kuimba, ubweya wake sugwiridwa ndi zala, ndipo umapakidwa utomoni wake wapadera kuti ugwire nsambo. Sungani nsambo ya mi yapadera, poti ndiyo yopyapyala ndipo imakonda kuduka.

Kiyibodi ija musaigulitse ngakhale atasankha vayolini, chifukwa ndi imene adzachunire nsambo zake, kuyambira pa la, ndipo akakayikira noti adzaidina pamenepo kuti aimve asanaifunefune ndi chala. Mukapeza mpata Loweruka likubwerali, bwerani naye pamodzi ndi buku lake la piyano, kuti tione tsamba limene waimapo ndiponso timuyese dzanja pa 1/2 ndi pa 3/4.