Mwana amene anaika kalasi yake pamwezi

"Ndimaphunzitsa Sitandade 7 ndipo ndikulemba nkhani yaifupi yoti ndiwerengere ana. Mnyamata wina wachotsa khoma la sukulu pa chithunzi cha kalasi n'kuikapo mwezi ndi nyenyezi. Ndikufuna aphunzire kunena zoona, koma kumapeto ahedi amangomugwira n'kumulangiza, ndipo ndikaiwerenga ndekha siikundigwira mtima. Ndalakwitsa pati?"

Aphunzitsi, vuto silili kumapeto ayi, lili pakati. Mnyamata wanuyo sananamize munthu. Palibe mwana wa Sitandade 7 angaone anzake atavala yunifolomu pamwezi n'kukhulupirira kuti anapitadi kumeneko. Aliyense akudziwa kuti ndi masewera, ndipo masewera odziwika si bodza. Ndiye ahedi akamamukalipira, ana omvetsera aima kumbali ya mnyamatayo, poti waluso akulangidwa chifukwa cha luso lake. Ine ndingakonde kuti lusolo mulisiye likhale lokoma ndithu, kalasi yonse iombe m'manja. Bodza libwere pambuyo pake, ndipo likhale ndi munthu amene lamupweteka.

Munthu ameneyo mumupeza mukadziwa mmene foni imachotsera zakumbuyo. Pulogalamu yokonzera zithunzi imayang'ana pamene thupi la munthu lathera ndi pamene khoma layambira, kenako imadula motsata mzere umenewo. Munthu akakhala mmodzi, ataima poyera, imadula bwino. Koma pa gulu la ana ochuluka imasokonezeka, makamaka ndi amene ali mzere wakumbuyo, amene akungooneka mutu ndi phewa, kapena amene mtundu wa chovala chake wafanana ndi khoma. Woteroyo imamutenga ngati mbali ya khoma n'kumufufuta limodzi.

Ndiye taganizani mtsikana wina wamanyazi, amene anaima kumapeto kwa mzere wakumbuyo. Yunifolomu yake ndi yosiyiridwa ndi mkulu wake, yachapidwa mpaka kusuluka, moti yafanana ndi laimu wa pakhoma. Khoma litachoka, nayenso wachoka. Pamene anaima pali nyenyezi. Mnyamatayo sanafune zimenezi, sanazione n'komwe, chifukwa maso ake anali pa mwezi. Apa nkhani yanu yapeza mtima wake.

Koma pakufunika kuti foni ifike m'manja mwake m'njira yomveka. Aphunzitsi a m'nkhaniyo ajambula kalasi ndi foni yawo, kenako amutuma, poti ndi mwana wodalirika, kuti apite nayo kwa wosindikiza zithunzi pamsika. Ali panjira akhala pansi pa mtengo, asintha chithunzi, ndipo afufuta choyamba chija kuti wosindikiza asasokoneze. Kufufutako achite ndi chala chake, mwadala, chifukwa mapulogalamu ambiri amasunga chithunzi chatsopano pambali osakhudza chakale, ndipo ana odziwa mafoni adzakufunsani zimenezi.

Mawa lake zithunzi zafika, kalasi yonse ili m'chimwemwe, aphunzitsi nawo akuseka ngakhale akudabwa. Mtsikana uja akudzifufuza ndi chala, mzere ndi mzere, kawiri konse. Ndalama ya chithunzi mayi ake anapereka. Mtsikanayo asalire. Angobweza chithunzicho patebulo n'kukakhala pamalo pake. Ndipo aphunzitsi akafunsa kuti, "Wachita zimenezi ndani?" mnyamatayo ayankhe kuti, "Ndi abambo osindikiza aja, ine ndinangowapatsa foni." Bodza ndi limeneli, chiganizo chimodzi basi. Tsopano opwetekeka ndi awiri: mtsikana amene wasowa pa chithunzi, ndi bambo wosalakwa amene aphunzitsi anena kuti samulipira ndalama yotsala.

Ahedi achotseni m'nkhaniyi. Mwana akagwidwa ndi wamkulu amaphunzira kuti ulendo wina abise bwino. Chimene mukufuna n'chakuti akhale ndi mpata wopulumuka, koma asankhe yekha kuulula. Pano foni ikuthandizaninso. M'mafoni ambiri chithunzi chofufutidwa sichitheratu nthawi yomweyo, chimakhala m'malo a zotayidwa kwa masiku 30 chisanazimiririke. Aphunzitsi a m'nkhaniyo sakudziwa zimenezi, koma mnyamatayo akudziwa. Akhoza kubwezeretsa mtsikanayo pa chithunzi ndi chala chimodzi, koma akangonena kumene chithunzi chili, waulula kuti anafufuta ndi iye. Akakhala chete, masiku akutha ndipo umboni ukupita wokha. Wowerenga awerenge masikuwo limodzi naye: tsiku lachitatu adutsa pamsika n'kuona bambo uja, sabata yachiwiri amva mtsikanayo akuuza mnzake kuti kwawo anamufunsa ngati tsiku lojambula anathawa sukulu. Zochitika ziwiri kapena zitatu zotere zakwana, musaonjezere.

Mukafuna kuti wina amukayikire, akhale mnzake wokhala naye desiki, osati wamkulu. Zithunzi zosinthidwa zimadziwika ndi zinthu zazing'ono. M'mphepete mwa tsitsi ndi makutu mumatsala kamzere ka mtundu wa khoma lakale. Mithunzi ya pankhope imasonyeza dzuwa la masana lili pamutu, pamene mwezi woikidwawo wawala kuchokera kumbali. Ndipo pamene panali mtsikana uja mwina patsala zala zake zitatu paphewa la mnzake amene anamugwira. Zala zimenezo ndimazikonda kwambiri, chifukwa ana sadzaziiwala. Mnzakeyo angoloza n'kunena chapansipansi kuti, "Zala izi n'za ndani?" Asanenenso china.

Za kuthambo muzilembe molondola, poti m'kalasi simulephera kukhala mwana wokonda sayansi. Pamwezi palibe mpweya, choncho thambo limaoneka lakuda bii ngakhale masana, ndipo palibe mphepo yoti n'kuulutsa siketi kapena kolala. Zithunzi zambiri zimene anthu a ku America anajambula ali pamwezi pakati pa 1969 ndi 1972 sizionetsa nyenyezi, chifukwa makamera anawatchera kuti ajambule nthaka yowala ndi dzuwa, ndipo kuwala kofooka kwa nyenyezi sikunagwidwe. Munthu ali kumeneko amaona dziko lathu lili lalikulu pafupifupi kanayi m'lifupi kuposa mmene ife timaonera mwezi. Mnyamata wanu akhoza kudzaza nyenyezi mbwee, ndi mwana, koma inu wolemba muzidziwa kuti wakokomeza.

Pofika pa kuulula, chepetsani mawu. Asalankhule ngati mlaliki, ndipo aphunzitsi asayankhe ndi mwambi. Ine ndikanalemba chonchi: ana atuluka kukapuma, iye watsalira, wayandikira tebulo n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndibwerekeni foni, chithunzi chija chilipo." Aphunzitsi amuyang'ana nthawi yaitali, kenako amupatsa. Manja akunjenjemera, atsegula malo a zotayidwa, ndipo khoma lija labwerera ndi ming'alu yake, mtsikana ali kumapeto kwa mzere.

Musamukhululukire msanga. Apite yekha pamsika kukapepesa bambo uja, atanyamula ndalama imene inatsala, ndipo chithunzi chatsopano akachipereke m'manja mwa mtsikanayo. Mtsikanayo ali ndi ufulu wosamwetulira. Akhoza kungochilandira, kudzipeza ndi chala, n'kuchiika m'kope. Nkhaniyo ithere pomwepo. Mukamaliza kuwerenga m'kalasi, tsekani pepala n'kufunsa ana kuti mnyamatayo analakwa nthawi iti: pansi pa mtengo paja, pofufuta, kapena poyankha aphunzitsi. Mudzaona kuti sagwirizana, ndipo belu lidzalira akadali mkati motsutsana.