Buku la ku UK, shopu ya ku Kapata

"Amalume, buku la VAT limene ndikuwerenga ndi la ku UK, likuti ndigawe mtengo ndi 6 kuti ndipeze msonkho. Malisiti onse amene abwana andipatsa ndichite choncho?"

Ayi mwanangu, ima kaye, 6 ameneyo musiye. Kwawoko msonkho ndi 20 peresenti, n'chifukwa chake amagawa ndi 6. Kuno kwathu ku Zambia ndi 16 peresenti. Mtengo ukakhala kuti msonkho uli kale m'kati, uchulukitse ndi 16, ugawe ndi 116.

Tenga cholembera. Tinene kuti mwaoda sopo ndi shuga kuholoselo, invoisi yonse K2,320. Msonkho m'menemo ndi K320, katundu payekha K2,000. Ukatsata bukulo upeza K386.67, ndiye kuti waitanitsa ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, ndalama imene shopu sinalipire. Manje katunduyo mwagulitsa yense K3,480. Msonkho umene mwatolera kwa makasitomala ndi K480. Chotsapo K320 ija, kwatsala K160, ndiyo yopita ku ZRA.

Koma K320 imeneyo suichotsa chifukwa chakuti unalipira, ayi. Uichotsa chifukwa pepala lili bwino. Apa ndi pamene anthu amagwera. Pepalalo pamwamba palembedwe Tax Invoice, pakhale dzina la wogulitsa ndi TPIN yake, nambala ija ya wolipira msonkho, nambala ya invoisi, deti, katundu wake, ndi msonkho woonekera. Dzina la wogula likhale la shopu, osati la dalaivala amene anapita kukanyamula. Masiku ano yang'ananso ngati yatuluka mu Smart Invoice ya ZRA, imakhala ndi kachizindikiro ka QR. Kalisiti kolemba pamanja ka pamsika kalowetse m'buku ngati ndalama yotuluka basi, msonkho usachotsepo.

Chinanso, kukhala ndi TPIN si kulembetsa VAT. Ambiri amene mumaodako amalipira msonkho wina uja wa mabizinesi aang'ono, ndipo saloledwa kulipiritsa VAT. Ngati sanalipiritse, palibe choti iwe ubweze. Inetu nditangoyamba ntchito ndinachotsa msonkho pa mapepala otere miyezi iwiri, atabwera oyendera mabuku tinabweza yonse ndi chilango pamwamba. Mpaka lero zimandiwawa.

Ee, ndisaiwale, abwana ako amatenga katundu ku Lilongwe. VAT yolembedwa pa invoisi ya ku Malawi ndi ya boma la Malawi, ZRA siidziwa. Imene ungachotse ndi imene mwalipira pa boda ya Mwami polowetsa katundu, ndipo umboni wake ndi mapepala a kasitomu okhala ndi dzina la shopu.

Za nthawi yochotsera msonkho bukulo lidzakuuza zaka zinayi. Kuno invoisi ikapitirira miyezi itatu, msonkho wake wapita. Litani ya mwezi uno, fomu ija yauza ZRA za VAT, uitumize pofika pa 18 mwezi wamawa. Ndiye usiku uno sanja malisitiwo potsata madeti, akalekale akhale pamwamba, unditumizire zithunzi za atatu oyamba ndiwaone.