TV ikukana mafilimu a pa fulashi

Funso: Ndaika nyimbo ndi mafilimu pa fulashi. Nyimbo zikulira bwinobwino pa TV, koma mafilimu ena ikuwakana, ena akuoneka popanda mawu. TV imawerenga mafayilo ati?

Achimwene, nyimbo za MP3 pafupifupi TV iliyonse ya USB imaziwerenga. Nkhani ili pa mafilimu.

Dzina lakumapeto kwa fayilo, kaya .mp4, .mkv kapena .avi, lili ngati thumba chabe. TV imayang'ana zomwe zili m'katimo, ndiye kuti mmene chithunzi ndi mawu anazipanikizira. Mafilimu awiri a .mp4 akhoza kusiyana: wina chithunzi chake ndi cha H.264, chomwe ma TV ambiri amachidziwa, wina ndi cha H.265, chomwe ma TV akale samachidziwa. Wachiwiriyu ndi amene akukanidwa. Kusintha dzina la fayilo n'kutaya nthawi.

Filimu yooneka popanda mawu nthawi zambiri imakhala ndi mawu a DTS, omwe ma TV ena, ngakhale atsopano, sawawerenga.

Tsegulani filimuyo pa kompyuta ndi pulogalamu yoonera mafilimu ya VLC, mudine Ctrl+J, muona zomwe zili m'kati. Mukapeza HEVC (dzina lina la H.265) kapena DTS, isintheni ndi HandBrake, pulogalamu yaulere. Sankhani MP4, chithunzi H.264, mawu AAC, kukula kusapitirire 1080p.

Fulashi nayo muiyang'ane. Yofomatidwa ndi mtundu wa FAT32 imawerengeka pafupifupi paliponse, koma siyilandira fayilo yopitirira 4GB. Filimu ikakula kuposa apo, yesani kufomata fulashiyo ndi mtundu wa NTFS, koma muyambe mwasunga mafayilo anu kwina chifukwa kufomata kumafufuta zonse.