Kodi lamulo la kavalidwe lilipobe?

"Mng'ono wanga anamuzungulira oitanira minibasi padepoti, kumukuwiza, wina mpaka kumukoka siketi ndi kumugwira m'chiuno. Kunyumba amalume akuti waziputa dala, ndipo akapita kupolisi womangidwa akhala iyeyo chifukwa siketi yaifupi ndi yoletsedwa. Kodi ndi zoona?"

Achemwali, amalumewo akukumbukira lamulo lenileni, koma linafa kalekale. Linali la 1973, dzina lake Decency in Dress Act, nthawi ya Kamuzu Banda. Linkaletsa amayi kuvala thalauzi pagulu komanso siketi kapena diresi yosaphimba mawondo. Ngakhale azungu odzacheza ankachenjezedwa potsika ndege kuti afunefune chitenje. Abambo nawo ankaletsedwa kuweta tsitsi lalitali. Lamulolo linachotsedwa nthawi imene dziko linkalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri, referendamu ya 1993 itachitika. Lero palibe lamulo la boma lotchula utali wa siketi. Sukulu, mpingo kapena malo a ntchito akhoza kukhala ndi malamulo awoawo a kavalidwe, koma amathera pageti pawo, ndipo chilango chake sichingakhale kuvula munthu.

Vuto ndi lakuti m'mitu ya anthu lamulolo silinachoke. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe anayamba kuvula amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo zinafalikira ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna, ndipo Joyce Banda, ali wachiwiri wake, anakhala nawo pa msonkhano wa amayi wodzudzula mchitidwewo ku Blantyre. Chimene chimandidabwitsa mpaka pano n'chakuti ovulawo ankati akuteteza ulemu wa mayi, koma n'kumusiya mbulanda pakati pa msika. Komanso ambiri mwa mathalauziwo amagulitsa ndi mavenda omwewo, pakaunjika.

Tsopano tione zimene zinachitikira mng'ono wanu, chifukwa pali milandu iwiri yosiyana. Kukuwiza, kutukwana kapena kuchita zizindikiro zolaula n'cholinga chomunyazitsa mkazi, gawo 137 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, limati ndi kunyoza ulemu wa mkazi, ndipo munthu akhoza kukhala kundende chaka chimodzi. Koma uja anakoka siketi ndi kumugwira m'chiuno wapalamula waukulu: kugwira mkazi mosayenera iye asakufuna, mlandu wa m'gawo lomwelo umene chilango chake chimafika zaka 14.

Khoti likamazenga mlandu wotere limafuna kudziwa ngati anamugwiradi, ngati kagwiridweko kanali kosayenera, ngati mwiniwake anavomera, ndiponso ngati woimbidwa mlanduyo ndiyedi anachita. Funso la utali wa siketi siliyankha chilichonse mwa zimenezi. Munthu savomera kugwiridwa povala chovala m'mawa kunyumba kwake. Ndiye wina akafunsa kuti "unavala chiyani?", muzindikire kumene funsolo likulowera: lachoka pa dzanja limene linagwira, lapita pa thupi limene linagwiridwa. Kaya wofunsayo ndi amalume, kaya wapolisi wotopa pakauntala, zotsatira zake n'zimodzi, mtsikana amachita manyazi n'kuusiya mlandu. Onena kuti siketi ndiyo imaputa atiuze chimene anavala ana aang'ono ndi agogo a m'zitenje zofika kuakakolo amene nkhani zawo zogwiriridwa timamva pawailesi.

Chovalacho chili ndi ntchito imodzi yokha pamlanduwu: ndi umboni. Ngati siketi inang'ambika kapena zipi inaduka, asaisoke, asaichape, asaitaye chifukwa cha manyazi. Aisunge momwe ilili. Alembe lero lomwe tsiku, nthawi, malo enieni padepotipo, maonekedwe a anthuwo, dzina lililonse limene anamva akuitanana, ndi nambala ya minibasi ngati anaiona. Milandu ya padepoti imagwa kawirikawiri pa kuzindikira munthu, chifukwa gulu limabalalika ndipo aliyense amati sanaone. Mayi wogulitsa nthochi pafupi kapena kondakitala amene anakuwa kuti "musiyeni" ndi mboni yofunika kwambiri, choncho mufufuzeni msanga asanaiwale kapena kuopsezedwa.

Kupolisi mupite naye inuyo, ndipo mufunse ofesi ya Victim Support Unit m'malo mofotokozera pakauntala anthu ali mbwee. Ngati ali ndi mikwingwirima kapena zokalika, apemphe kalata yopita nayo kuchipatala kuti zilembedwe zisanapole. Akamufunsa za chovala, ayankhe zoona mwachidule, popeza kubisa kungapatse woimbidwa mlandu pogwira, kenako abwerere pa zimene anamuchita. Ofisala akayamba ulaliki wa kavalidwe m'malo molemba sitetimenti, mwaulemu pemphani kuonana ndi wamkulu wa siteshoniyo.

Amalume musakangane nawo za chikhalidwe, simudzamaliza. Ingowafunsani kuti lamulo akunenalo ndi gawo liti, ndipo ngati angathe akuperekezeni kupolisiko akadzimvere okha.