Neba wa nambala sathandiza: yankho kwa mlongo wa ku Namwera pa nkhani ya mapulayimu

Imelo iyi yandipeza kuchokera ku Namwera:

"Aphunzitsi, muli bwanji? Ndili pa holide kuno kumudzi koma tinapatsidwa asayimenti yoti titsimikize kuti nambala yathunthu iliyonse yoposa 1 imapangidwa pochulukitsa mapulayimu. Ndayesa indakishoni ija tinazolowera, ndavomereza kuti zili zoona pa k, koma ndikafika pa k + 1 ndikungoima. Akuti tigwiritse ntchito indakishoni yamphamvu, koma ine ndikuona ngati n'kubera, ngati tikuvomereza chomwecho chimene tikufuna kutsimikiza. Ndithandizeni chonde."

Ndili bwino achemwali, kungoti kuno ku boma kwatentha zosanena, olo mphepo ya ku Shire sikufika. Pamene mwaimapo mwaima pabwino, chifukwa njira imeneyo imatheradi pomwepo ndipo olo mutakhala pansi mpaka holide ithe simungaidutse.

Taonani manambala atatu awa oyandikana. 96 = 2 × 2 × 2 × 2 × 2 × 3. Kenako 97 ndi pulayimu, palibe nambala yomugawa kupatula 1 ndi iye mwini. Kenako 98 = 2 × 7 × 7. Ndiye tangoganizani munthu wakuuzani zonse za 96, kuti muli ma 2 asanu ndi 3 mmodzi, zimenezo zikukuthandizani chani pa 97? Palibe. Ndipo si tsoka la 96 yekha ayi, zili choncho pa manambala onse otsatizana, chifukwa pulayimu p akagawa k n'kugawanso k + 1, ndiye kuti akuyenera kugawanso kusiyana kwawo komwe ndi 1, ndipo palibe pulayimu wogawa 1. Choncho k ndi k + 1 sagawana pulayimu olo mmodzi. Indakishoni wamba imayenda bwino pa zinthu ngati 1 + 2 + ... + n chifukwa kumeneko chotsatira chimamangidwa pongowonjezera kanthu pa chapitacho. Kuno nkhani ndi yochulukitsa, ndiye 98 abale ake ndi 2 ndi 49, osati 97. Indakishoni wamba ili ngati munthu amene amangofunsa kwa neba wa khomo loyandikana basi, pamene yamphamvu imakulolani kugogoda khomo lililonse la m'mudzi limene mwadutsa kale.

Tsopano umboni wake. Choyamba tigwirizane chimene tikutanthauza, chifukwa ambiri amataya malikisi pomwepa. Pulayimu ndi nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 komanso iyo yomwe basi. Ndipo tikati "imapangidwa pochulukitsa mapulayimu" tikulola kuti pulayimuyo akhale mmodzi yekha, ndiye 7 ndi 7 basi, watha. Mukapanda kulemba chiganizo chimenechi, wochonga akhoza kukufunsani kuti nanga 7 mwamuchulukitsa ndi ndani. Ena amazemba funsoli polemba kuti nambala iliyonse yoposa 1 ndi pulayimu kapena ndi zotsatira za kuchulukitsa mapulayimu, zonse n'zabwino, bola musankhe chimodzi n'kuchinena poyera.

Poyambira ndi n = 2. 2 ndi pulayimu, ndiye mfundo yathu ndi yoona pamenepo. Zatha.

Kenako tengani k aliyense wosachepera 2, ndipo muvomereze kuti mfundoyi ndi yoona pa nambala m iliyonse yomwe 2 ≤ m ≤ k. Apa ndi pamene pali kusiyana konse, simukuvomereza za k yekha koma za 2, 3, 4 mpaka k onse pamodzi. Ntchito yanu ndi kusonyeza kuti k + 1 nayenso akulowa.

Pali njira ziwiri zokha. k + 1 akakhala pulayimu palibe chochita, walowa kale malinga ndi zomwe tagwirizana pamwambapa, ndipo onani kuti zomwe tavomereza zija sitinazikhudze n'komwe.

Akakhala kuti si pulayimu, ndiye kuti pali nambala a yomugawa imene si 1 komanso si k + 1 mwiniwake, ndipo tikhoza kulemba k + 1 = a × b. Apa chonde musathamange, pakuti mtima wa umboni wonse uli pa kusonyeza kuti a ndi b onse awiri ali pakati pa 2 ndi k. Za a n'zosavuta, nambala yogawa inzake siingapose inzakeyo, ndipo tanena kale kuti si 1 komanso si k + 1, ndiye 2 ≤ a ≤ k. Nanga b? b sangakhale 1, chifukwa akanakhala 1 bwenzi a ali k + 1 zomwe takana. Komanso b sangafike pa k + 1, chifukwa a ndi wosachepera 2 ndiye b sangapose theka la k + 1. Choncho 2 ≤ b ≤ k. Onse awiri ali m'gulu lija tavomereza, ndiye tili ndi ufulu wolemba a = p₁ × p₂ × ... × pᵣ komanso b = q₁ × q₂ × ... × qₛ pomwe ma p ndi ma q onse ndi mapulayimu. Kungowalumikiza basi:

k + 1 = p₁ × p₂ × ... × pᵣ × q₁ × q₂ × ... × qₛ

Ndipo umboni wathera pamenepa. Pa pepala la mayeso ndi mizere khumi kapena kuchepera.

Tiyeni tiuyese pa 60, kutanthauza k = 59. 60 si pulayimu, ndiye timuswa, tinene 60 = 6 × 10. 6 ndi 10 onse ali pakati pa 2 ndi 59, ndiye tinathana nawo kalekale, 6 = 2 × 3 ndipo 10 = 2 × 5. Kulumikiza, 60 = 2 × 3 × 2 × 5. Mnzanu wina akhoza kuswa 60 = 4 × 15, iyenso afika, 2 × 2 × 3 × 5. Umboni sukusamala kuti mwaswa bwanji, ukungofuna kuti zidutswa ziwirizo zikhale zazing'ono kuposa 60 ndipo pasakhale 1. Ndipo 59 uja, amene indakishoni wamba ikanatikakamiza kudalira, sanagwire ntchito iliyonse, tabwerera m'mbuyo mpaka kwa 10 ndi 6.

Tsopano za kubera zija. Ndikumvetsa chifukwa chake zikumveka choncho, mukuvomereza zinthu zambirimbiri kuti mupeze chimodzi. Koma yang'anani bwino zimene mwavomereza, zonse ndi za manambala ochepera k + 1, za k + 1 mwiniwake simunavomereze kanthu. Kukanakhala kubera mukanalola kuti a kapena b akhale k + 1, mwachitsanzo kulemba 60 = 1 × 60 kenako n'kunena kuti 60 wachiwiriyu timamudziwa kale. Kumeneko ndiye kuzungulira pamalo amodzi, ndipo n'chifukwa chake ndakakamira pa 2 ≤ a ≤ k ndi 2 ≤ b ≤ k paja. Umboni umene ulibe mizere iwiri imeneyi ine sindiupatsa malikisi onse, olo zina zonse zikhale zokongola.

Ngati mtima sunakhazikikebe, uyendetseni pamanja kuyambira pansi. 2 tamutsimikiza. Pa 3 tili ndi 2 yekha m'thumba, 3 ndi pulayimu, walowa. Pa 4 tili ndi 2 ndi 3, ndipo 4 = 2 × 2, walowa. 5 pulayimu. 6 = 2 × 3. 7 pulayimu. 8 = 2 × 4, ndipo 4 tamumaliza kale masitepe angapo apitawo. Pa sitepe iliyonse chimene mukuti "ndavomereza" ndi chinthu chimene mwachitsimikiza kale ndi manja anu, palibe ngongole. Kapena muiganize motere, tinene kuti alipo manambala okana lamuloli. Pagulu lililonse la manambala owerengera pamakhala wamng'ono koposa, mutcheni n. Sangakhale pulayimu chifukwa pulayimu sakana. Ndiye n = a × b, onse aang'ono kuposa n, ndipo poti n ndiye wamng'ono mwa okana, a ndi b si okana, ali ndi mapulayimu awo, ndiye n nayenso ali nawo. Wokana uja wasowa. Ndi umboni womwewo woyendera mbali ina, ndipo ine pophunzitsa ndimaona kuti ana ambiri amaugwira msanga uwu kuposa wa k + 1, koma poti asayimenti yanu yatchula indakishoni yamphamvu lembani wa k + 1 womwewo.

Dzina loti "yamphamvu" lisakuopseni, siitsimikiza zinthu zimene wamba singathe. Mukatenga chiganizo choti "manambala onse kuyambira 2 mpaka n ali ndi mapulayimu awo" n'kuchiyendetsa pa indakishoni wamba, mwapeza yamphamvu ija ndendende.

Musayambire pa 1. 1 si pulayimu ndipo funso lati yoposa 1, ndiye musiyeni.

Chimene ndikufuna muchenjere nacho kwambiri ndi ichi. Mwaona kuti 6 × 10 ndi 4 × 15 zatipatsa mapulayimu ofanana, ma 2 awiri, 3 ndi 5, ndipo ophunzira ambiri akafika apa amawonjezera kumapeto kuti "choncho nambala iliyonse imaswedwa m'njira imodzi yokha". Zoti njira ndi imodzi n'zoona, koma umboni wathuwu sunanene zimenezo olo pang'ono, wangonena kuti njira ilipo. Mwina mukuti aphunzitsi mukuvutitsa, n'zodziwikiratu. Ndiye tiyeni tisewere pang'ono. Tiyerekeze kuti m'dziko muli manambala ogawika ndi 2 okhaokha, 2, 4, 6, 8 ndi kumapitirira, ndipo nambala imene siingasweke kukhala awiri a m'dzikomo tiitche yosasweka. 4 = 2 × 2 wasweka. 6 sangasweke poti 3 kulibe. Chimodzimodzi 2, 10 ndi 30, chifukwa manambala awiri ogawika ndi 2 mukawachulukitsa yankho limagawika ndi 4, ndipo awa sagawika ndi 4. Umboni wathu uja umayenda bwinobwino m'dziko limeneli, nambala kaya ndi yosasweka kaya imasweka kukhala tiwiri tating'ono, indakishoni yamphamvu imalizitsa. Koma taonani 60. 60 = 6 × 10, komanso 60 = 2 × 30, ndipo 2, 6, 10, 30 onse ndi osasweka. Njira ziwiri zosiyana! Ndiye ngati umboni womwewo ukugwira ntchito kumene njira zili ziwiri, sungakhale umene ukutsimikiza kuti kwathu kuno njira ndi imodzi.

Mbali yachiwiriyo imafuna chida china, mfundo ya Euclid yoti pulayimu p akagawa a × b ndiye kuti akugawa a kapena b. M'dziko losewera lija mfundo imeneyi imagwa, 2 amagawa 6 × 10 poti 60 = 2 × 30, koma sagawa 6 kapena 10 chifukwa 3 ndi 5 kulibeko. Gauss ndi amene anailemba momveka bwino mbali ya njira imodziyi pamodzi ndi umboni wake mu 1801. Funso lanu momwe mwalilembera likufuna mbali yoyamba yokha, ndiye ikani kadontho pambuyo pa mzere wa ma p ndi ma q uja. Alekichara akadzakupatsani ya njira imodzi mudzandilemberenso, koma muyambe mwayesa nokha mfundo ya Euclid ija pa 7 ndi 14 × 6.