Ndagulitsa masheya Lachinayi, ndalama zili kuti?

"Akuluakulu thandizeni. Ndili ku Santhe, ndinagulitsa masheya Lachinayi ndipo buloka wanga anati atheka. Lero Lolemba ku akaunti kulibe kanthu, pomwe ndikufuna kugula feteleza. Andiyenda pansi kapena?"

Achimwene, mtima m'malo, tsiku lanu silinakwane. Inu a kuno ku Kasungu mukudziwa za ku Chinkhoma: belo likagulidwa pa okushoni mumaona mtengo pa pepala tsiku lomwelo, koma ndalama imadzagwa ku banki patapita masiku. Masheya nawonso amatero. Lachinayi lija panachitika mgwirizano chabe, wakuti uyu wagulitsa, uyu wagula, pa mtengo wakuti. Kupatsana kwenikweni kumabwera pambuyo.

Pa msika wa masheya wa ku Blantyre lamulo lake ndi T+3. T ndi tsiku la malonda, 3 ndi masiku atatu ogwira ntchito. Tiwerengere limodzi: Lachisanu ndi loyamba, Loweruka ndi Lamulungu sitiwerenga, lero Lolemba ndi lachiwiri, mawa Lachiwiri ndiye lachitatu. Pakadagwa holide pakatipa, bwenzi tikunena Lachitatu.

Nanga masiku amenewa akuchita chiyani? Tiyerekeze munagulitsa masheya 10,000 pa K120, zomwe ndi K1,200,000. Inu wogulayo simumudziwa, iyenso sakudziwani. Mwina ndi mphunzitsi wa ku Mchinji, mwina ndi thumba la penshoni. Amene akudziwana ndi mabuloka awiri, okugulitsirani inu ndi omugulira iyeyo pa msikapo. Choyamba ayenera kugwirizana kuti zomwe aliyense walemba n'zofanana: kampani yake, chiwerengero, mtengo, ndi nambala za akaunti za CSD. CSD ndi kaundula wa pa kompyuta, woyendetsedwa ndi Banki Yaikulu ya dziko lino, momwe mwalembedwa kuti masheya akuti ndi a uje. Amaonanso ngati 10,000 aja alipodi m'dzina lanu, osati munachita chikole pa ngongole.

Kenako pamabwera kuwerengetsa, kumene ine ndimakuona kuti ndiye mutu wa nkhani. M'misika yambiri mabuloka satumizirana ndalama pa malonda aliwonse paokhapaokha. Ngati makasitomala a buloka wanu agulitsa za K50 miliyoni tsiku limenelo, ena ake n'kugula za K47 miliyoni, iye amangolandira K3 miliyoni yotsalayo, zinazo amagawa yekha m'mabuku mwake. Amene watsala ndi ngongole amapatsidwa nthawi yoti asonkhanitse ndalama ndi kuziika ku banki yake. Kwa inu ndi ine buloka amafuna ndalama tisanagule, koma ogula akuluakulu, makamaka akunja, ndalama zawo zimasungidwa ndi mabanki ena, ndipo zimafunika kusainira, mwinanso kusintha madola kukhala makwacha. Masiku atatuwa anaikidwa poganizira oterowo, ife timangodikirira nawo.

Tsiku lachitatu masheya amachoka mu akaunti yanu ya CSD kupita kwa wogula, ndalama n'kupita mbali ya buloka wanu, zonse nthawi imodzi. Palibe amapereka mbuzi asanagwire ndalama, palibenso amapereka ndalama chingwe chisanafike m'manja. Mbali imodzi ikalephera, inayo siyenda.

Komatu apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa: mawa ndalama ifika kwa buloka, osati kwa inu. Iye achotse kaye komishoni ndi msonkho wake, kenako atumize ku banki yanu, zomwe zingadye tsiku lina kapena awiri. Choncho musayembekeze K1,200,000 yathunthu, ndipo wa feteleza muuzeni za Lachinayi, osati mawa m'mawa.

Chomwe mungachite lero ndi kupempha kalata yotsimikizira malonda, ija amati kontilakiti noti. Pamalembedwa tsiku la malonda, tsiku lolipirana, chiwerengero ndi zochotsedwa. Yang'anitsitsani tsiku la malondalo. Ine zinandichitikira: ndinatumiza oda Lolemba, n'kuyamba kuwerenga masiku ndili phee kunyumba, osadziwa kuti wogula anapezeka Lachitatu, ndiponso anangotenga theka. Msika wathu ndi waung'ono, oda ikhoza kugona masiku osapeza mnzake, ndipo T sayamba mpaka itapeza. Ngati buloka akuzengereza kukupatsani kalatayo, pamenepo ndiye muyambe kufunsa mwamphamvu. Chinanso chimene chimachedwetsa ndi dzina: pa CSD munalembetsa dzina lina, ku banki lina, ndalama n'kubwerera.

Kodi singafupikitsidwe nthawiyi? Ingathe. India anafika pa T+1 mu 2023, Amereka mu Meyi 2024, pomwe Johannesburg anachoka pa T+5 kupita pa T+3 mu 2016. Kudikira kuli ndi vuto lake, chifukwa masiku akachuluka mpata woti wina alephere kulipira umakulanso. Koma kufupikitsa kumafuna kuti aliyense akhale ndi ndalama ndi masheya chire nthawi isanakwane, ndipo cholakwika chikapezeka sipakhala tsiku lochikonzera.

Likafika Lachisanu kuli zii, aimbireni abuloka anu muli ndi kalata ija m'manja, muwafunse tsiku limene anatumiza ndalama ndi nambala ya akaunti imene analemba.