Malamulo atsopano a pantchito: kupeza zimene zasintha

"Ndili ndi sitolo ya zipangizo zomangira ku Dedza, antchito ndi 9, timagwira Lolemba mpaka Loweruka. Mlamu wanga walembanso malamulo athu a pantchito, masamba 14. Ndikufuna kuonetsa antchito zokhazo zimene zasintha. Ndichite bwanji?"

Bambo, musayerekeze potsatira manambala a ndime. Munthu akaonjezera ndime imodzi koyambirira, manambala onse amasuntha, ndiye ndime 7 yakale imakhala 8, inu n'kumaona ngati zonse zasintha. Tsatirani nkhani yake: tchuthi ndi tchuthi, ovataimu ndi ovataimu.

Pezani munthu wina, iye aziwerenga chikalata chakale mokweza, inu chala chili pa chatsopano. Mukamaliza musinthane. Ulendo wachiwiriwu ngofunika chifukwa woyamba umagwira zimene zachotsedwa, pamene zoonjezeredwa zimaoneka bwino pamene chatsopanocho ndicho chikuwerengedwa. Ngati zonse zili pa kompyuta, mu Word pitani pa Review kenako Compare, ndipo mawu osinthawo adzaoneka ndi mtundu wina. Koma kompyuta imalemba chilichonse, ngakhale mpumiro, choncho kusankha kumakhalabe kwanu.

Pa pepala lanu lembani mzere umodzi pa kusintha kulikonse: nkhani yake, mawu akale, mawu atsopano. Kopani mawuwo ndendende, osawafupikitsa. Tiyerekeze kuti chakale chimati "wantchito adzalandira tchuthi cha masiku 18 pachaka", chatsopano chikuti "wantchito akhoza kupatsidwa tchuthi cha masiku 15". Ambiri amangolemba kuti 18 yakhala 15. Komatu pasintha zinthu ziwiri. "Adzalandira" ndi lonjezo, pomwe "akhoza kupatsidwa" akusiya nkhaniyo m'manja mwa bwana. Timawu totere, komanso kusintha "masiku ogwira ntchito" kukhala "masiku" basi, ndi tomwe timadzayambitsa mkangano ku ofesi ya leba.

Ndipo 15 ameneyo, atapezeka m'chikalata chanu, musamulengeze n'komwe. Lamulo la za ntchito la mu 2000 limati wogwira masiku 6 pasabata apatsidwe tchuthi cha masiku ogwira ntchito osachepera 18. Masiku 15 ndi a amene amagwira masiku 5. Chimodzimodzi maola: asapitirire 48 pasabata, ndipo ovataimu ya tsiku wamba imalipidwa kamodzi ndi theka. Nambala iliyonse yasintha muiyese kaye ndi lamulo.

Ndime yomwe yangosamuka osasintha mawu musaiike pamndandanda, ingotopetsa owerenga. Koma yochotsedwa ilembeni poyera kuti "yachotsedwa", ndi mawu ake onse. Ine zimandipweteka antchito akasainitsidwa pepala losatchula kuti ndalama ya chakudya cha masana inasowa, n'kudzazindikira pakutha pamwezi.

Pamwamba pa pepalalo lembani madeti a zikalata ziwirizo ndi tsiku loyamba kugwira ntchito chatsopano. Kumene kwakhudza malipiro, kambiranani kaye ndi antchito asanasaine, ndipo aliyense atenge kope lake.